Mmene mungagwirire zolakwa ziwiri za kaganizidwe mu ndemanga ya mkonzi

Ndemanga ya mkonzi ndi pamene nyuzipepala imasiya kusimba zimene zachitika n'kuyamba kunena maganizo ake. Wolemba amakhala atasankha kale mbali, ndipo kutero si mlandu. Mlandu umayamba pamene watenga umboni wopepuka n'kuusenzetsa mfundo yolemera. Pali zolakwa ziwiri zimene zimabwerabwera m'nkhani zoterezi, ndipo ndi zomwezo zimene ofunsa mafunso a kumvetsa nkhani amakonda kutcherapo msampha.

Cholakwa choyamba ndi kunamizira choyambitsa. Wolemba amaona kuti chinthu china chachitika pambuyo pa chinzake, kapena kuti ziwirizo zimayendera limodzi, ndiye amagamula kuti choyambacho ndicho chabala chachiwiricho. Tambala amalira, kenako dzuwa limatuluka, koma tambala satulutsa dzuwa. Cholakwa chachiwiri ndi kuweruza onse poona ochepa. Wolemba amakumana ndi anthu awiri atatu, kapena malo amodzi, n'kulankhula ngati waona dziko lonse. Pa tambala aliyense amaseka, koma mkonzi waluso salemba za tambala. Amalemba za zinthu zimene inuyo mumazikhulupirira kale, ndipo pamenepo maso amagona.

Tigwiritsa ntchito ndemanga yaifupi iyi. Ndailemba ndekha kuti tiphunzirirepo, sukulu yake ndi manambala ake n'zongopeka. Ziganizo ndaziika manambala kuti tizitha kuziloza.

(1) Mayeso a chaka chatha atangotha, sukulu ina ya sekondale inaletsa ophunzira kubwera ndi mafoni. (2) Chaka chino ophunzira 68 pa 100 alionse akhoza mayeso, pamene chaka chatha anakhoza 52 okha pa 100 alionse. (3) Mphunzitsi wamkulu watsopano, amene anafika limodzi ndi aphunzitsi atatu a masamu ndi sayansi, ayenera kuyamikiridwa chifukwa cholimba mtima. (4) N'zoonekeratu kuti mafoni ndiwo ankalepheretsa ana mayeso. (5) Mtolankhani wathu anacheza ndi ophunzira 6 pa mwambo wopereka mphoto, ndipo onse anati akusangalala ndi lamuloli. (6) Izi zikusonyeza kuti achinyamata a masiku ano nawonso atopa nawo mafoni. (7) Choncho unduna wa zamaphunziro uletse mafoni m'sukulu zonse mosazengereza.

Sitepe yoyamba: pezani pamene wolemba akufuna kukufikitsani

Werengani nkhani yonse kamodzi osalemba chilichonse. Kenako dzifunseni kuti, ndikamaliza kuwerenga, munthuyu akufuna ndivomereze chiyani kapena ndichite chiyani? Yankho lake ndiyo mfundo yaikulu. Kawirikawiri imatsogozedwa ndi mawu monga "choncho", "motero", "n'chifukwa chake", kapena imabwera ngati lamulo: aletse, achotse, amange. Mu ndemanga yathu ili mu chiganizo (7).

Musaimire pomwepo, chifukwa pali timfundo tina timene tanyamula yaikuluyo. Chiganizo (4) ndi mfundo, si umboni. Chimodzimodzi chiganizo (6). Mungazizindikire pofunsa kuti, kodi mtolankhani akanatha kuona zimenezi ndi maso kapena kuziwerenga m'kaundula? Kuti sukulu inaletsa mafoni angathe kuona. Kuti 68 pa 100 akhoza angathe kuwerenga. Koma kuti mafoni ndiwo ankalepheretsa ana, palibe amene angakuone ndi maso. Wolemba wakutulutsa m'mutu mwake pochokera pa (1) ndi (2).

Sitepe yachiwiri: lumikizani mfundo iliyonse ndi umboni wake

Tengani pensulo, mulembe pambali pa chiganizo chilichonse U ngati ndi umboni, M ngati ndi mfundo. Mupeza U pa (1), (2) ndi (5), ndipo M pa (4), (6) ndi (7). Chiganizo (3) n'chosakaniza: muli kuyamikira, komanso muli umboni umene wolemba wauponya mongodutsa. Chizungulizeni, tibwereranso.

Tsopano lembani maulalo ake motere. Kuchokera pa (1) ndi (2) wolemba wawolokera pa (4). Kuchokera pa (5) wawolokera pa (6). Kuchokera pa (4) ndi (6) wawolokera pa (7). Zolakwa za kaganizidwe sizikhala mkati mwa chiganizo chimodzi, zimakhala powolokera. N'chifukwa chake munthu amene akusaka cholakwa pongoyang'ana chiganizo chimodzichimodzi amabwerako chimanjamanja, popeza chiganizo chilichonse pachokha chimamveka bwino.

Mawu monga "n'zoonekeratu", "aliyense akudziwa" ndi "palibe angatsutse" muziwakayikira. Nthawi zambiri wolemba amawaika pamene ulalo wathyoka, kuti mudumphe osayang'ana pansi.

Sitepe yachitatu: yesani ulalo wa choyambitsa

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri. Ulalo wa (1), (2) ndi (4) ukunena kuti lamulo linabwera, zotsatira zinakwera, ndiye kuti lamulo ndilo lakweza zotsatira. Funso limene limaphwasula zimenezi ndi ili: lamuloli likanapanda kubwera, zotsatira zikanakhala zotani? Wolemba akuganiza kuti zikanakhala pa 52 pomwepo. Sananene poyera, ndipo sanapereke umboni wake. Kuti muone ngati kuganiza kumeneku n'kolimba, fufuzani zinthu zitatu.

Choyamba, n'chiyani china chinasintha pa nthawi yomweyo? Bwererani pa chiganizo (3) chija munachizunguliza. Sukulu yalandira mphunzitsi wamkulu watsopano ndi aphunzitsi atatu a masamu ndi sayansi. Zinthu zitatu zasintha pakamodzi, utsogoleri, aphunzitsi ndi lamulo la mafoni, koma wolemba wapereka ulemu wonse kwa chimodzi. Mwina aphunzitsi atsopanowo ndiwo akweza zotsatira. Mwinanso mphunzitsi wamkuluyo ndi munthu wamwambo, amene waletsa mafoni komanso wathetsa kujomba ndi kuchedwa. Zikatero ndiye kuti lamulo ndi zotsatira ndi ana a mayi mmodzi, wina sanabale mnzake. Pa mayeso, olemba mafunso amakonda kubisa chifukwa china chotere mkati mwa nkhani yomweyo, choncho yambani kusaka mmenemo musanayambe kupeka zanu.

Chachiwiri, kodi kusinthako n'kwakukulu kuposa kukwera ndi kutsika kwa chaka ndi chaka? Wolemba watipatsa zaka ziwiri zokha, ndiponso watipatsa maperesenti popanda chiwerengero cha ana. Tiyerekeze kuti pasukulupo amalemba mayeso ana 50 chaka chilichonse. Ndiye kuti 52 pa 100 ndi ana 26, ndipo 68 pa 100 ndi ana 34. Nkhani yonseyi yaima pa ana 8. Tiyerekezenso kuti zaka zitatu za m'mbuyomo anakhoza 33, 31 ndi 35. Mndandanda wonse ukhala 33, 31, 35, 26, 34. Mukauona chonchi, chodabwitsa si 34 wa chaka chino. Chodabwitsa ndi 26 wa chaka chatha, ndipo chaka chino sukulu yangobwerera pamene imakhala nthawi zonse.

Zimenezi zimapusitsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Malamulo atsopano amabwera zinthu zikaipa kwambiri. Palibe amene amasintha zinthu pa chaka chimene zonse zikuyenda. Koma chaka choipa mopitirira muyeso nthawi zambiri chimatsatidwa ndi chaka chabwinoko, kaya munthu achitepo kanthu kaya ayi, popeza tsoka limene linaunjikana chaka chimenecho silibwera lonse kawiri motsatizana. Ndiye chilichonse chimene mungachite pa nthawi yoipitsitsayo chimaoneka ngati mankhwala. Munthu wa chimfine amamwa kanthu tsiku limene chafika pachimake, masiku atatu akadutsa wapeza bwino, n'kumatamanda kanthuko.

Chachitatu, kodi zinthu sizikuyenda mobwerera? Funso ili limagwira ntchito makamaka pamene wolemba akuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi. Akanati, "ana amene amakhalitsa pa foni ndi amene amalephera", tikanafunsa kuti chinayamba n'chiti. Mwina foni ndiyo imamudyera mwana nthawi yowerenga. Mwinanso mwana amene zamukanika kale m'kalasi ndiye amathawira pa foni. Kumene kuli moto waukulu kumapezeka ozimitsa moto ambiri, koma si iwo akulitsa motowo.

Kodi ndiye umboni wabwino wa choyambitsa umaoneka bwanji? Nkhani ya dokotala John Snow imayankha bwino. Mu 1854 kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London n'kupha anthu opitirira 600. Snow anakayikira pampu ya madzi ya mu msewu wa Broad Street, ndipo akuluakulu a m'deralo anachotsa chogwirira cha pampuyo pa 8 Seputembala. Mliri unazilala. Anthu ambiri amasimba nkhaniyi ngati kuti kuzilalako ndiwo umboni, koma Snow mwiniwake analemba kuti odwala anali atayamba kale kuchepa chogwiriracho chisanachotsedwe, ndipo anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Umboni wake weniweni unali woyerekeza. Imfa zinaunjikana m'nyumba zoyandikana ndi pampuyo. Antchito a pafakitale ya mowa mu msewu womwewo, amene sankamwa madzi a pampuyo, sanakhudzidwe. Mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, amene ankatumiza munthu kukamutungira madzi a pampu yomweyo chifukwa chowakonda, anamwalira ndi kolera. Apa tikuona oyandikira amene sanamwe ndipo anapulumuka, komanso wakutali amene anamwa ndipo anafa. Kuyerekeza kotereku ndiko kukusowa mu ndemanga yathu. Mkonzi sanationetse sukulu ina yofanana ndi iyi imene sinaletse mafoni.

Nkhani ya Snow ikuphunzitsanso chinthu china chimene mudzachifuna poyankha mafunso. Mfundo yake inali yoona, madzi ndiwo ankafalitsa matendawo, komabe kunena kuti "anachotsa chogwirira, mliri unatha" ndi umboni wofooka. Mfundo ikhoza kukhala yoona pamene njira yofikira pa mfundoyo ndi yolakwika.

Sitepe yachinayi: yesani ulalo wochoka pa ochepa kupita pa onse

Ikani chala chimodzi pa gulu limene wolemba waliona, china pa gulu limene akulinena. Mu (5) waona ophunzira 6. Mu (6) akunena za "achinyamata a masiku ano". Mpata umene uli pakati pa zala zanuzo ndiwo kukula kwa vuto.

Funsani mafunso awiri: ndi angati, ndipo anasankhidwa bwanji? Ophunzira ambiri amaima pa funso loyamba n'kulemba kuti anthu 6 ndi ochepa. N'zoona, koma lachiwiri ndilo lakuthwa. Ana amenewa anapezeka pa mwambo wopereka mphoto. Amene amaima pafupi ndi mtolankhani pa tsiku lotere ndi amene akhoza bwino, mitima ili m'malo, aphunzitsi ali chapafupi. Amene analandidwa foni, amene analephera, amene anasamukira kusukulu ina chifukwa cha lamulolo, sanafunsidwe. Mtolankhaniyo akanafunsa ana 60 pa mwambo womwewo, vutoli likanakhalapobe.

Kuti kuchuluka sikuchiza kusankha kokondera kunaoneka poyera ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni ofunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo inalandira mayankho opitirira 2 miliyoni. Inalosera kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt ndiye anapambana, m'zigawo 46 mwa 48. Mayina a ofunsidwawo anatengedwa makamaka m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene osauka ambiri analibe zinthu zimenezi, ndiponso amene anavutikira kubweza kalatayo sanali ofanana maganizo ndi amene anangoitaya.

Pali kuweruza onse poona ochepa kwachiwiri mu ndemanga yathu, kumene ambiri sakuona. Kuli pa (7). Ngakhale titavomereza kuti lamuloli linathandizadi pasukulu iyi, sukuluyo ndi imodzi. Wolemba wachoka pa sukulu imodzi kufika pa "sukulu zonse", zogonera pomwepo ndi zoyendera, zazikulu ndi zazing'ono, ngakhale zimene ana ake ambiri alibe n'komwe mafoni.

Chenjezo limodzi: si kunena kulikonse kwa gulu kumene kuli kolakwika. Dokotala amatenga magazi pang'ono n'kunena za magazi a thupi lonse, ndipo amalondola, chifukwa magazi ndi osakanikirana bwino. Anthu sali choncho. Mwambi uja wakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola umachenjeza bwino za mbiri ya gulu, koma mukautenga ngati njira yowerengera anthu, mwagwa kale m'cholakwa chimenechi. Yang'ananinso kukula kwa mawu. Wolemba akanati "ophunzira ena akusangalala ndi lamuloli", ana 6 aja akanakwanira, ndipo mukanalakwa inuyo kumuimba mlandu. Mawu oyenera kuwatchera khutu ndi "onse", "aliyense", "nthawi zonse", "palibe", komanso dzina la gulu lopanda malire monga "achinyamata", limene limatanthauza onse mwakachetechete.

Sitepe yachisanu: siyanitsani ziwirizi

Zikakusokonezani, yang'anani mneni wa mfundo. Ngati mfundo ikuti chakuti chinachititsa, chinabweretsa, chinathetsa kapena chinalepheretsa chakuti, mukuyesa choyambitsa. Ngati ikuti gulu lakuti ndi lotere kapena limachita zakuti, mukuyesa kuchuluka ndi kasankhidwe. Chiganizo chimodzi chikhoza kusenza zonse ziwiri, monga "mnzanga anamwa mankhwalawa n'kuchira, ndiye kuti amachiza aliyense". Zikatero tchulani zonse, koma chilichonse ndi umboni wake.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: kuyankha mafunso

Funso lofala kwambiri ndi lakuti, "Tchulani cholakwa cha kaganizidwe mu chiganizo (4) ndipo fotokozani." Yankho lokwanira limachita zinthu zinayi: limatchula cholakwa, limaloza mawu a wolemba, limasonyeza chimene chikusowa, ndipo limanena chimene umboniwo ungathe kutsimikiza. Taonani mayankho awiri awa.

Yankho lofooka: "Wolemba wanamizira choyambitsa chifukwa mafoni salepheretsa ana mayeso. Ine ndimadziwa ana ambiri amene ali ndi mafoni koma amakhoza."

Dzina la cholakwa lalondola, koma zotsalazo zaphonya. Woyankhayu akutsutsana ndi mfundo m'malo moyesa ulalo. Wanena chinthu chimene sangachitsimikize, kuti mafoni salepheretsa ana. Ndipo podalira ana amene iye amawadziwa, wachita yekha cholakwa chachiwiri chija.

Yankho lolimba: "Wolemba wanamizira choyambitsa. Akuti mafoni ndiwo ankalepheretsa ana, koma umboni wake ndi wakuti zotsatira zinakwera lamulo litabwera, basi. Kutsatizana sikutsimikiza kuti china chabala chinzake. Chiganizo (3) chikusonyeza kuti pa nthawi yomweyo kunabwera mphunzitsi wamkulu watsopano ndi aphunzitsi atatu, amene angakhale ndiwo akweza zotsatira. Umboni waperekedwawu ukungosonyeza kuti zotsatira zinakwera, osati chimene chinazikweza."

Onani mawu akuti "angakhale". Musalembe kuti aphunzitsi atsopano ndiwo akweza zotsatira, chifukwa mukatero mwanamizira choyambitsa inunso, mwangosintha wonamiziridwa. Ntchito yanu ndi kusonyeza kuti khomo lina lili lotsegula, ndipo wolemba sanalitseke.

Mtundu wachiwiri ndi wosankha yankho: "Ndi mfundo iti mwa izi, itakhala yoona, ingafooketse kwambiri chiganizo (4)?"

A. Makolo ambiri sakugwirizana ndi lamulo loletsa mafoni.
B. Sukulu zoyandikana nazo, zimene sizinaletse mafoni, zotsatira zawo zakweranso mofanana chaka chino.
C. Mafoni amathandiza ana kufufuza zinthu pa intaneti.
D. Mkonzi wa nyuzipepalayi alibe mwana wa kusekondale.

Musanayang'ane mayankho, nenani mumtima ulalo umene mukuuyesa: lamulo ndilo lakweza zotsatira. Kenako yesani lililonse. A akunena za kukondedwa kwa lamulo, osati za mphamvu yake. Lamulo lodedwa likhoza kugwira ntchito. C ndi wokopa chifukwa akuikira mafoni kumbuyo, koma sakunena kanthu za chimene chinachitika pasukulu iyi chaka chino. D akulimbana ndi munthu, osati kaganizidwe kake. B ndiye yankho, chifukwa akusonyeza zotsatira zomwezo pamene choyambitsa chonenedwacho palibe. Ngati osaletsa mafoni akweranso chimodzimodzi, pali chinthu china chimene chakweza onse, mwina mayeso anali ofewerapo.

Mawu akuti "itakhala yoona" muwalemekeze. Simukufunsidwa ngati B anachitikadi. Mumuvomereze kaye, kenako muone chimene akuchita pa ulalowo.

Funso lachitatu, lofunsa chimene chingalimbitse mfundo, ndi lomweli koma lotembenuza. Yankho lake limakhala limene likutseka khomo lina kapena kubweretsa kuyerekeza. Mwachitsanzo, "Sukulu zina 20 zimene zinaletsa mafoni popanda kusintha aphunzitsi zinakwera, pamene zofanana nazo zimene sizinaletse sizinasinthe." Yankho longobwereza mfundo mwamphamvu, monga "mafoni ndi oopsa kwambiri kwa ana", sililimbitsa kanthu. Pa chiganizo (6), cholimbitsa chingakhale kafukufuku wa ophunzira ambiri osankhidwa mwamaere m'sukulu zosiyanasiyana, oyankha mosatchula mayina awo.

Mtundu wachinayi umafunsa kuti, "Wolemba akudalira ganizo liti limene sanalitchule?" Pano pali njira yoyesera imene siphonya kawirikawiri. Tengani yankho limene mukuliganizira, mulikane, muone ngati mfundo ya wolemba ikugwa. Tiyese ndi ili: "Palibe china chimene chinasintha pasukulupo chimene chikanakweza zotsatira chonchi." Kulikana kwake ndi kwakuti chilipo china chimene chikanazikweza. Zikatero (4) wataya mwendo, ndiye kuti ganizoli wolemba akulidaliradi. Tiyesenso ili: "Ophunzira onse pasukulupo anali ndi mafoni." Kulikana kwake ndi kwakuti ena analibe. Mfundo ya wolemba ikhoza kuimabe, popeza ana 8 okha osokonezedwa ndi mafoni akanakwanira kufotokoza kusinthako. Choncho ili si ganizo limene akulidalira, ngakhale likumveka logwirizana ndi nkhani. Pa (6), ganizo lobisika ndi lakuti ana 6 aja akuimira bwino achinyamata ena onse.

Funso lomaliza limene ndaona likugwetsa ngakhale ochenjera ndi ili: "Popeza kaganizidwe ka wolemba n'kolakwika, kodi tinganene kuti mafoni sasokoneza maphunziro?" Mtima umafuna kuyankha kuti inde, chifukwa mwangomaliza kumugonjetsa mkonzi. Yankho ndi ayi. Kumbukirani pampu ya Snow. Lembani motere: "Ayi. Taona kuti wolemba sanatsimikize mfundo yake, koma sitinaone kuti mfundoyo ndi yabodza. N'kutheka kuti mafoni amasokonezadi, ndipo n'kutheka kuti lamuloli linathandizako limodzi ndi aphunzitsi atsopano. Kuti tidziwe, tifunika zotsatira za zaka zingapo za m'mbuyo, ndiponso zotsatira za sukulu zofanana ndi iyi zimene sizinaletse mafoni."

Nthawi zina amakupemphani kulembanso chiganizo kuti chikhale chokwanirana ndi umboni. Musachifafanize chonse, ingochepetsani kukula kwake mpaka chifike pamene umboni wafika. Chiganizo (4) chikhoza kukhala: "Zotsatira zakwera lamuloli litabwera, ndipo n'kutheka kuti lathandizapo, ngakhale sukuluyi yalandiranso aphunzitsi atsopano pa nthawi yomweyo." Chiganizo (6) chikhale: "Ophunzira 6 amene tinacheza nawo pa mwambo wopereka mphoto akugwirizana ndi lamuloli." Ndipo (7), mmalo molamula sukulu zonse, chipemphe unduna kuyesa lamuloli m'sukulu zingapo zosankhidwa mwamaere kwa zaka ziwiri kapena zitatu, n'kuyerekeza zotsatira zake ndi za sukulu zimene zatsala.